Malangizo kwa wamalonda wofuna kulira pa 25

Msonkho wa VAT umawerengedwa mwezi ndi mwezi. Wamalonda wolembetsa ku MRA amawonkhetsa VAT yonse imene walipiritsa makasitomala, n'kuchotsapo VAT imene iye walipira pooda katundu, ndipo yotsalayo amaipereka ku boma pofika pa 25 mwezi wotsatira. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Komabe alipo amalonda amene tsikuli limawadzidzimutsa mwezi ulionse, ndipo wofuna kulowa m'gulu lawo ali ndi malamulo oti atsatire.

Lamulo loyamba ndi lakuti ndalama iliyonse yolowa m'dirowa aziiona ngati yake. Chitsanzo ndi sitolo ya simenti ndi malata, powerengera 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito zaka zambiri m'Malawi. Sitoloyo yagulitsa katundu wa K6,000,000, VAT yake ndi K990,000, choncho m'dirowa mwalowa K6,990,000. Inaoda katundu wa K4,000,000 n'kulipirapo VAT ya K660,000. Kuchotsa K660,000 pa K990,000 kutsala K330,000, ndipo imeneyi ndi ya boma. Wamalonda wotsatira malangizo ano asaipatule. Agulire matayala a galimoto, ina asonkhe pa ukwati wa mphwake, aponyenso ya pelekanipelekani mpaka anthu aimbe nthungululu. Pofika pa 24 aziuza aliyense kuti boma likumudyera phindu, ngakhale ndalamayo inachokera m'thumba la kasitomala ndipo iye anangopatsidwa kuti asunge.

Lamulo lachiwiri likukhudza malisiti. VAT yolipira pooda imachotsedwa pokhapokha pali lisiti lovomerezeka, lochokera kwa wogulitsa amene nayenso ndi wolembetsa. Choncho malo abwino osungira lisiti ndi pa dashibodi, pamene dzuwa limawomba bwino, chifukwa pepala la makina osindikiza malisiti silichedwa kufufutika n'kutsala mbee. Malo ena ndi m'thumba la buluku lopita kochapa. Lisiti la katundu wa K2,000,000 likatayika motero, K330,000 ya VAT imene sitolo ija inalipiradi imakhala yopanda umboni, ndipo ngongole ya mweziwo imakwera kufika pa K660,000. Wamalonda aitane wowerengera ndalama wake, amutulire jumbo ya timapepala tonyowa, ndipo amufunse chifukwa chake amalandira malipiro.

Lamulo lachitatu ndi kukongoza katundu mowolowa manja. Kontilakita akatenga matumba a simenti n'kunena kuti "cheke chikutuluka Lachisanu", alembedwe invoisi msanga, ndipo Lachisanulo lisafunsidwe kuti ndi la mwezi uti. Apa pokha palibe choseketsa. VAT imawerengedwa pamene katundu waperekedwa kapena invoisi yalembedwa, kaya kasitomala walipira kaya ayi. Wamalonda wamng'ono amapereka msonkho pa ndalama imene sanaigwire, pamene womukongola akuyenda pa galimoto yatsopano, ndipo chindapusa chochedwera chimagwera wokongozayo.

Lamulo lachinayi ndi la kakyuleta. Wofuna kudziwa VAT imene ili m'kati mwa K6,990,000 angotenga 16.5 peresenti ya ndalama yonseyo. Apeza K1,153,350, ndipo boma lilandira mphatso ya K163,350 imene silinapemphe. Pa mlingo umenewu, amene safuna kupereka mphatso amachulukitsa ndi 16.5 n'kugawa ndi 116.5, chifukwa msonkho unalowa kale mu mtengowo. Yankho likapanda kufanana ndi VAT yosindikizidwa pa malisiti a mweziwo, ndiye kuti penapake palakwika.

Malamulo otsala ndi achidule. Furiji ya kunyumba ndi zakumwa za pa Khirisimasi zilowe pa zogula za bizinesi, kuti oyendera mabuku akadzabwera adzapeze chocheza. Katundu wosalipiritsidwa VAT asakanizidwe ndi wa mlingo wa ziro, ngakhale wogulitsa wa ziro, monga wotumiza katundu kunja, amaloledwa kuchotsa VAT ya zogula zake pamene winayo saloledwa. Mwezi umene sitolo sinagulitse kanthu fomu isatumizidwe, poti lamulo lofuna fomu ngakhale ya ziro analembera anthu ena. Ndipo Msonkho Online itsegulidwe pa 25 madzulo, magetsi atazima, bandulo itatha, nambala yachinsinsi ili ndi mnyamata amene anasiya ntchito.

Pamakhalanso mwezi umene VAT ya zogula imaposa ya zogulitsa, monga sitolo ikaoda malata ambiri pokonzekera nyengo yomanga. Ikalipira K990,000 pooda n'kutolera K660,000 yokha, palibe chopereka, ndipo K330,000 yotsalayo imasungidwa kuti idzachotsedwe pa ngongole ya mwezi wotsatira. Kubwezeredwa ndalama yeniyeni kumafuna pempho lapadera ndiponso kuunika mabuku. Wamalonda wotsatira malangizo ano asadikire zimenezo. Aiwerenge ngati yalowa kale, ndipo akatengerepo ngongole ya katapila.