Dzina linatuluka, alamu sanaliwerenge

Lachiwiri lapitali ndinakangana ndi alamu anga pakakhumbi ka ajenti kuno kwa Lukwa, ndipo mpaka lero moni wathu ndi wongogwedeza mutu. Mlandu wanga ndi woti ndinawauza kuti awerenge.

Anali atangolandira ndalama za mabelo awo a bale omwe anagulitsa ku Chinkhoma, ndiye mukudziwa mmene mlimi wa fodya amayendera mwezi umenewu. Jekete padzuwa, nsapato zolira, foni m'manja ngati ndodo ya mfumu. Ankafuna kutumiza K85,000 kwa mnyamata wangolo amene anawatutira mitengo ya chigafa. Nambala inalembedwa ndi khala pachidutswa cha katoni, ndipo katoniyo inali itavumbidwapo mvula, kenaka mbuzi inalawako ngodya imodzi. Alamu anadina, anadina, foni nkuwabweretsera uthenga wokhala ndi ndalama, nambala ndi dzina la wolandira, nkupempha pini.

"Alamu, taonani kaye dzina latulukapo," ndinatero.

"Inu alamu, ndinayamba kutumiza ndalama inu musanagule foni."

Chala chinatsika ngati khasu. Ndalama inapita kwa mayi wina amene tonsefe sitinamumvepo chibadwire. Pakatoni panali 47 kumapeto, iwo analemba 74.

Foni ya munthu winayo siilira ndalama isanachoke kuti mumve mawu ake. Mukaimba nambala yolakwika, wina amayankha kuti "mwasokera," mumapepesa, zatha. Ndalama ilibe mwayi umenewo. Nambala zathu za m'manja zili ndi manambala khumi, ndipo mulibe nambala yoikidwa dala kuti igwire munthu akalakwitsa, ngati mmene zilili ndi nambala yaitali ya pakhadi ya kubanki. Makampani amangogawa nambala motsatana kwa anthu mamiliyoni. Choncho mukasinthanitsa manambala awiri, kawirikawiri simugwera m'tchire, mumagwera pakhomo pa munthu wamoyo, wa njala ngati inu nomwe. Makina sangadziwe kuti mumtima mwanu munali mnyamata wangolo. Iwo aona nambala yolembetsedwa, aona ndalama ilipo, aona pini yolondola. Pakutha pa kamphindi ndalama yachoka m'kaundula wanu yalowa m'kaundula wa uja.

Ndiye chifukwa chake, kaya mwadina *211# ya Airtel Money kaya *444# ya Mpamba, makina amayamba atenga nambala mwalembayo, kukayang'ana m'kaundula wa kampani kuti mwini wake ndani, nkukubwezerani dzina pini isanalowe. Panthawi imeneyo palibe tambala yomwe yasuntha. Mukhoza kubwerera mwaulere. Ndi pokhapo m'ulendo wonse pomwe kulakwitsa sikulipiritsa, ndipo ndi pomwepo pamene alamu anga amathamangitsa chala ngati akuthawa njovu zotuluka m'nkhalango ya Kasungu.

Pini ikalowa, nkhani imasanduka yopempha. Mumaimbira kampani, mumatchula nambala ya uthenga wotsimikizira uja, iwo amayang'ana ngati ndalama idakalipo kuti aigwire. Ngati wolandirayo wathamangira kale kwa ajenti kukatapa, kampani ilibe choti igwire, mwatsala ndi chisoni cha mlendo. Alamu anamuimbira mayi uja. Anayankha mwaulemu kwambiri, nkunena kuti wakhala akupemphera sabata yonse. Titaimbanso kachiwiri foni inali yozima.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo alamu, ngakhale sakuyenera. Akanawerenga dzinalo, kodi akanalizindikira? Dzina lotuluka pafoni si lomwe inu munasunga m'foni mwanu. Inu munalemba "Wangolo" kapena "Ngongole 2." Makina sadziwa zimenezo. Amatulutsa dzina lomwe linalembedwa tsiku lomwe simukhadi inalembetsedwa, lochokera pa chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017, poti mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe. Tsono kuno kwathu ndani amadziwika ndi dzina la pachiphaso? Munthu timamuitana ndi dzina la mwana wake, la mfunda wake, kapena la chinthu chopusa chomwe anachita ali mnyamata. Mutha kumwa naye thobwa zaka makumi awiri, tsiku lotumiza ndalama nkuona dzina lachingerezi lalitali ngati la bishopu, inu nkuyamba kukayika mnzanu weniweni. Komanso kukatuluka Banda kapena Phiri, ku Kasungu kuno mwangochotsapo anthu owerengeka okha. Dzina loyamba ndiye lofunika kuliyang'anitsitsa.

Koma amene amandipsetsa mtima kwenikweni ndi a "ituluka dzina la akazi anga." Awa ndi mtundu paokha. Simukhadi analembetsa ndi chiphaso cha mkazi, kapena cha apongozi, kapena cha tenanti amene anabwerera kwawo ku Mulanje zaka zitatu zapitazo. Ena imatuluka dzina la malemu agogo awo, ndipo agogowo akulandirabe ndalama za feteleza mokhulupirika kuposa ali moyo. Anthu amenewa atiphunzitsa tonse kuti dzina lachilendo si chodabwitsa. Atizoloweretsa kunena kuti "mwina ndi la achemwali ake," nkudina. Galu waulonda akamauwa usiku uliwonse popanda wakuba, tsiku lomwe wakuba wabweradi eni nyumba amangotembenuka pamphasa. Mnyamata wangolo uja, titamufunsa pambuyo pake, anati yake imatuluka dzina la amalume ake. Ndiye ngakhale alamu akanalemba 47, akanaonabe dzina losalidziwa. Anasangalala nazo zimenezi ngati apambana mlandu kwa mfumu.

Dzinalo silikuuzani amene wagwira foni, limakuuzani amene analembetsa. Silikuuzaninso ngati munthuyo ndi woona mtima. Aja otumiza uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" nawonso ali ndi dzina lotuluka bwinobwino, kawirikawiri la munthu wosalakwa amene chiphaso chake chinagwiritsidwa ntchito iye osadziwa. Palinso nambala zakale: simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa wina. Inu m'foni mwanu mudakali "Achimwene Joni," koma achimwenewo ali ku Joni komweko ndipo nambala ili ndi wogulitsa usipa ku Nkhotakota. Apa dzina lokha ndi lomwe lingakupulumutseni, chifukwa nambala mwalemba molondola ndithu.

Ajenti wathu, mtsikana wodekha amene waona misozi yambiri pakakhumbi kake, ali ndi njira yake. Sawerengera kasitomala dzina. Amafunsa kuti, "Bambo, lituluka dzina loti ndani?" Mukalitchula lofanana ndi lomwe akuliona, amatumiza. Mukayamba kukanda m'mutu, amati muimbireni kaye mwini wakeyo mumufunse. Akanati aziwerenga yekha mokweza, aliyense bwenzi akungoti "eya, yemweyo," ngakhale atatchula dzina la Kamuzu. Tsiku limenelo alamu anakana thandizo lake, ati mwana wa dzulo sangawagwirire foni.

Dzulo mlongo wanga wabwera kudzandiuza chigamulo cha kunyumba kwawo. Akuti ine ndi amene ndinawasokoneza polankhula ali mkati modina, choncho theka la K85,000 ndi langa. Wandisiyira nambala yoti nditumizepo, yolembedwa ndi alamu eni ake pachikutu cha kope. Ndailemba mosamala, kawiri konse. Latuluka dzina la mayi yemwe uja.