Walira Mvula Walira Matope: Kalata ya Ahedi kwa Makolo

Ahedi onse a sukulu za pulayimale ali ndi dandaulo limodzi, loti makolo a masiku ano safika pasukulu. Amadandaulira aphunzitsi anzawo, amadandaulira alangizi a maphunziro a m'zoni, ndipo akakumana ndi amfumu pamaliro amayambanso yomweyo. Kenaka tsiku lina nzeru imabwera: tikonze masana amodzi a masewera, ana abwere ndi makolo awo, tiseke, tidziwane. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi iwomba m'manja, ahedi atenga cholembera, kalata ilembedwa. Amene walira mvula ndi ameneyu, ndipo akuluakulu anatiuza kale chimene chimatsatira mvula.

Mwambiwu sukulu za m'Malawi zimaudziwa bwino kuposa wina aliyense. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale, ana anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mvula inagwa yabwino ndithu. Matope ake anali makalasi a pansi pa mitengo ndi aphunzitsi olembedwa ntchito mwachangu, maphunziro awo a uphunzitsi asanakwane. Kalata ya ahedi ndi kamvula kakang'ono poyerekeza ndi imeneyo, koma nako kamanyowetsa, ndipo kalata yolembedwa mwanzeru ndi imene imayamba yaganizira za matopewo.

Koma tisanafike kumatope, mvulayo iyambe yagwa, ndipo nthawi zambiri siigwa. Chifukwa chake n'chakuti kholo la kwathu kuno likaona pepala lochokera kusukulu, mtima umagunda. Zaka zonsezi pepala lotere lakhala likunena chimodzi mwa zinthu zitatu: mwana wanu wapalamula, tikufuna ndalama ya chitukuko, kapena bwerani ndi khasu ndi chikombole tidzaumbe njerwa. Ndiye ahedi akalemba mwaulemu kuti "mukupemphedwa kufika pasukulu Lachinayi", bambo amayamba kufunsa mwana kuti wamenya ndani. Mwana akakana, bambo amawerengera m'thumba. Akapeza kuti m'thumba muli mphepo yokhayokha, Lachinayi limawapeza ali kudimba, ndipo amayi amakumbuka mwadzidzidzi kuti chimanga cha kuchigayo sichingadikire.

Choncho chiganizo chofunika kwambiri m'kalata yonse si moni wautali uja, kapena mbiri ya sukulu. N'chakuti: mwana wanu sanalakwe, sitidzasonkhetsa ndalama, ndipo kulibe ntchito ya manja. Chiganizochi chikhale pamwamba penipeni, pakuti kalata ya kusukulu kawirikawiri amawerenga ndi mwana yemweyo, mokweza, agogo ali chete pamkeka, ndipo wa Sitandade 3 akafika pamzere wachinayi mpweya watha. Ndipo lonjezolo lisungidwe. Sukulu imene imaitana anthu ku masewera, kenaka pakati pa mpikisano wa m'matumba wapampando wa komiti n'kuimirira kuti "pokhala tasonkhana kale, pali nkhani ya mpanda", yadya mbewu. Chaka chamawa idzalemba kalata yokoma bwanji, kudzabwera agalu a m'mudzi okha.

Ulendo wa kalatayo nawonso ndi nkhani. Imachoka muofesi ili yoyera, n'kulowa m'jumbo momwe muli makope, kapu ya phala ndi mango awiri. Ya mwana wa Sitandade 1 siifika n'komwe, imasanduka ndege asanatuluke pageti. N'chifukwa chake aphunzitsi odziwa ntchito amapereka kalata imodzi pa banja, kwa mwana wamkulu, ndipo amasindikiza makalata awiri pa pepala limodzi n'kulidula pakati kuti ndalama ya fotokope ichepe. Kumene kulibe makina, amalemba pabolodi kuti a makalasi akuluakulu akopere, koma apo mphunzitsi ayendere kope lililonse, chifukwa 2 koloko ikadutsa m'manja makumi asanu ndi limodzi ina imatuluka 7 koloko. Gulu la WhatsApp limathandiza, komabe limafikira okhala ndi foni yoyenera ndi bandulo, ndipo uthenga wa ahedi umamira pansi pa mavesi a m'mawa ndi malonda a zitenje. Kalata ituluke kudakali sabata ziwiri, ndipo amfumu, a kutchalitchi ndi a kumzikiti apatsidwe yawo kuti alengeze. Uthenga umene wamveka kawiri, papepala ndi pakamwa pa munthu wamkulu, ndi umene anthu amaukhulupirira.

Tsiku lake lisankhidwe ndi munthu wodziwa dera. Lachisanu masana Asilamu ali ku mapemphero, Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi ndipo ena onse ali ku ukwati, tsiku la msika ndiye musayese n'komwe. Mu Januwale anthu ali pa kupalira ndi kubandira, ndipo mvula yeniyeni ikhoza kusandutsa mwambi wathu kukhala nkhani yoona. Mu Okutobala dzuwa la 2 koloko silifuna agogo pabwalo. Teremu yachitatu, anthu atakolola ndipo kunja kwazizira, ndiyo yabwino, bola ipewe masiku amene a Sitandade 8 akulemba mayeso a MANEB. Maliro okha ndi amene sapangana ndi munthu, choncho kalata inene kuti kukagwa zovuta m'mudzi mwambowo udzachitika tsiku lomwelo sabata yotsatira.

Tsopano mvula yagwa. Ahedi analemba kuti "bwerani ndi banja lonse", ali ndi chithunzi m'mutu cha bambo, mayi ndi ana awiri ogwirana manja. Amene afika ndi mayi, khanda kumsana, wina woyenda dededede, agogo aakazi, azakhali amene anabwera kudzacheza mwezi watha, ndi amalume amene amva kuti kuli thobwa. Palibe mmodzi mwa iwo amene walakwa, onse ndi banja, ndipo anaitanidwa.

Tiyerekeze sukulu ya ana 600, ochokera m'mabanja 400. Pansi pa kalata pakhale kachidutswa kong'amba, kofunsa zinthu ziwiri zokha: kodi mubwera, ndipo mubwera angati kupatula ana a sukulu? Tinene kuti tabwerera tizidutswa 150, ndipo ambiri alemba atatu. Alendo ndi 450. Koma ena sadzabweza kachidutswa n'kubwera ndithu, ndiye ahedi anzeru amawerengera 550. Onjezani ana 600 aja, pakuti iwo sapita kwina kulikonse. Pabwalo pali anthu oposa 1,100. Chidebe cha malita 20 chimatulutsa makapu 80 ngati kapu ili ya mamililita 250, choncho kuti aliyense amwe kapu imodzi pafunika zidebe 15. Amayi a m'gulu losamalira ana pasukulu, amene ahedi anawauza kuti "mukonzeko kathobwa pang'ono", anabwera ndi zidebe zinayi. Thobwa limatha asanamwe a Sitandade 5, ndipo nkhani imene idzakambidwe pachitsime mawa si ya masewera ayi.

Kuwerengera komweku kumasonyeza ngati sukulu ingakwanitse kapena ayi, kalata isanalembedwe. Ngati singakwanitse, inene poyera kuti kudzakhala madzi akumwa okha, aliyense atenge kapu yake ndi chitenje kapena mkeka wokhalira. Palibe amene amakwiya ndi chimene anauzidwa. Amene amakwiya ndi amene anasiya nsima kunyumba poganiza kuti kusukulu kwaphedwa mbuzi. Za zimbudzi nazonso ziganiziridwe: zitseko zimene zimavutika kale ndi ana 600 sizidzachuluka chifukwa kwabwera alendo, ndiye zina zipatulidwe za akuluakulu, pakhale ndowa ya madzi ndi sopo.

Kalata yake ingathe kukhala yaifupi chonchi:

"Okondedwa makolo ndi onse olera ana, tikukuitanani ku masana a masewera pabwalo la sukulu Lachinayi pa 12 Juni, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko. Mwana wanu sanalakwe, sitidzasonkhetsa ndalama, ndipo kulibe ntchito. Kudzakhala kukokana chingwe, mpira wa ntchemberembaye wa amayi ndi aphunzitsi, bawo, phada ndi fulaye. Tengani kapu ndi chokhalira. Ngati simungathe kubwera, tumizani wamkulu wina aliyense wa pakhomo. Lembani pansipa kuti mubwera angati, mwana abweze pofika Lachisanu."

Mawu oti "onse olera ana" asachotsedwe pofuna kusunga malo. M'kalasi iliyonse muli ana oleredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo, ena bambo ali ku Joni. Mpikisano wa "bambo ndi mwana wake" umasiya ana amenewa ataima m'mbali manja ali kumbuyo. Ukatchedwa wa "wamkulu ndi mwana", amalume a thobwa aja amapeza ntchito. Nthawi yotsekera nayonso ilembedwe ndi kusungidwa, chifukwa mayi ayenera kukafika kunyumba kusanade, moto usanakolezedwe. Mdani wa nthawi imeneyi ndi zolankhula. Pemphero lotsegulira, ahedi, wapampando, amfumu, khansala amene sanaitanidwe koma wamva kuti kuli anthu: aliyense akati "sindichulutsa gaga m'diwa", dziwani kuti theka la ola lapita, ndipo ana amene anaphunzira gule sabata zitatu adzavina anthu akunyamuka.

Matope otsiriza ndi makolo enieniwo akalowa m'bwalo. Ana amasewera n'kuiwala. Akuluakulu saiwala. Bambo wa zaka makumi asanu amene anathamanga komaliza nthawi ya Kamuzu amavula nsapato, napinda thalauza, nati anyamata aone mmene ankachitira kale, ndipo pamamita makumi awiri wagwira ntchafu. Mpikisano wa abambo ufupikitsidwe, bokosi la mankhwala likhale pafupi, ndipo pokokana chingwe magulu asagawidwe potsata midzi. Midzi iwiri imene ikulimbirana malire a dimba kuyambira kalekale ikapatsidwa chingwe chimodzi, aphunzitsi sangayithe nkhaniyo. Agaweni potsata makalasi a ana awo, kuti apongozi apezeke akukokera mbali imodzi ndi mkamwini. Woimbira masewera asakhale ndi mwana kapena mkazi m'timu iliyonse. Mphatso zikhale zazing'ono, pensulo kapena sopo, ndipo zigulidwe zoposa chiwerengero, pakuti agogo amene afika pamzere omaliza pa mpikisano wosenza botolo pamutu adzanena kuti iwo okha ndi amene sanaligwire ndi dzanja, ndipo mboni zawo zidzakhala mudzi wonse.