Rimoti ya Amalume Yasanduka Ulimbo

Turffontein, Joni
16 Juni 2024

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko kuphazi kwa phiri, pamodzi ndi azakhali ndi ana onse. Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha ku Joni chandiumitsa milomo ngati chikopa cha ng'oma.

Uthenga wanu ndaumva katatu konse. Mwati rimoti ya TV ija ndinakutumizirani mu 2019 yayamba kumata, moti tsiku la mpira wa Maule ndi Manoma munadzuka kukalandira alendo rimotiyo ili kakaka m'dzanja, mpaka a mfumu munawapatsa moni ndi dzanja lamanzere. Mwatinso mlandu munauzenga kale: mdzukulu wanu wamng'ono uja mwamuletsa kuonera TV milungu iwiri poti akuti anaigwira ndi manja a uchi. Azakhali nawo akuti pali dzanja la munthu, chifukwa aitsuka ndi sopo kangapo koma ikungonandirabe.

Malume, mwanayo mumumasule, ndipo ndalama ya sing'anga musunge. Ine ndimasesa ndi kutumikira pa shopu yokonza mafoni ku Mayfair, ndipo matenda amenewa timawaona sabata iliyonse. Rimoti yanu ndi pulasitiki wolimba, koma pamwamba pake anaikapo kachikopa kopyapyala kofewa, kaja munkakayamikira kuti kakusalala ngati tsaya la khanda. Kachikopa kameneko ndi utoto chabe. Kakakumana ndi chinyezi, kutentha ndi mafuta a m'manja kwa zaka zingapo, kamaola n'kusanduka utomoni. N'chifukwa chake sopo akulephera: chimene mukutsukacho si litsiro, ndi thupi la rimotiyo.

Ndiye taganizirani kumene munaisunga. Dzinja lonse mvula yochokera m'phiri la Mulanje, Juni ndi Julayi chiperoni, Okutobala dzuwa la m'chigwa cha Phalombe likuwotcha malata. Kuwonjezera apo munaikulunga m'jumbo ya shuga n'kumanga ndi ulusi kuti isade. Thukuta linkalowa koma osatuluka. Munaiphika ngati mkate wa nthochi m'masamba, Malume.

Poyamba muyeze matendawo. Muitembenuze n'kukanda pang'ono ndi chikhadabo kumbuyo, pa chitsekero cha mabatire. Ngati utomoniwo ukusendeka ndipo pansi pake pakuoneka pulasitiki wolimba wonyezimira, wodwalayo achira. Mankhwala ake ndi kuchotseratu kachikopa konseko, chifukwa kubwerera mwakale sikungatheke.

Mutume mnyamata pa njinga ku Migowi akagule kabotolo ka sipiriti wapepo uja amayatsira nyali ya Tile. Muchotse kaye mabatire. Mukhale pakhonde pomwe pakupita mphepo, kutali ndi mbaula ndi koloboyi, ndipo ndudu yanu ya chingambwe idikire, poti sipiriti ndi moto ndi pachibale. Mutenge nsanza ya chitenje chakale, muinyowetse pang'ono pokha, osathira sipiritiyo pa rimoti, kuopa angalowe m'mabatani. Muyambe ndi chitsekero chija kuti muone ngati mtundu sukusuluka. Mugwirize nsanzayo pamalo amodzi kwa theka la mphindi kuti utomoni ufewe, kenako mupukute mwamphamvu molowera mbali imodzi.

Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Poyamba zinthu zimaipiratu: rimoti imachita mawanga, nsanza imada bii, zala zimamata kuposa kale. Musaleke. Nsanza ikada mutembenuze poyera, apo ayi mukungosamutsa phala kuchoka kumutu kupita kumiyendo. M'makona ndi pakati pa mabatani mugwiritse ntchito kamtengo ka machesi kokulunga thonje. Ine yanga yoyamba inanditengera pafupifupi theka la ola ndi nsanza zitatu. Mwamaliza pamene chala chikutsetsereka osagwira paliponse. Muisiye pamthunzi ola limodzi musanabwezere mabatire.

Ndikuchenjezeni chimodzi: zilembo zolembedwa pa kachikopako zikhoza kupita nawo. Choncho musanayambe, mujambule rimotiyo papepala, mulembe batani lililonse ntchito yake. Mukapanda kutero mudzafuna kukweza mawu a nkhani za ku Nyumba ya Malamulo n'kupezeka mwazimitsa TV pamaso pa alendo.

Sipiriti akasowa, azakhali akubwerekeni soda wawo wa therere. Supuni imodzi ya soda ndi madontho ochepa a madzi, zikhale phala lolimba ngati la mwana woyamba kudya. Mupake ndi nsanza, mukhule, mupukute ndi nsanza ina yonyowa pang'ono. Zimachedwa komanso zimasiya timikwingwirima, koma zimagwira. Ufa wa soda usatsalire m'mabatani.

Tsopano zoletsedwa. Petulo ayi, thina wa penti ayi, mankhwala ochotsera kyutekisi ayi. Zimenezi sizisiyanitsa kachikopa ndi pulasitiki wa pansi, zimadya zonse. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, wa ku Chiringa, anayesa mankhwala a kyutekisi pa rimoti ya abwana ake. Kumata kunathadi, koma chidindo cha chala chake chinatsalira m'pulasitikimo mpaka lero, umboni woti ngakhale loya sangautsutse. Paudala wa ana amangobisa kwa masiku ochepa, kenako rimoti imaoneka ngati mandasi ogwera m'phulusa. Kachasu ndikudziwa mwamuganizira kale. Ameneyo ali ndi madzi ambiri, ndipo ndikukayika ngati angafike pa nsanza ali m'manja mwanu. Koma wapepoyo, chonde, asayandikire pakamwa pa wina aliyense: muli poizoni wochititsa khungu ndi kupha. Mukamaliza mumubise patali ndi ana.

Mwafunsanso za magiripi a njinga yanu, amene akukudetsani m'manja mukamakwera chitunda cha ku Fort Lister. Amenewo nkhani yake ndi ina. Mukandenso ndi chikhadabo. Mupeza kuti pansi palibe cholimba, ndi labala yekhayekha wofewa mpaka mkati. Ameneyo wavunda thupi lonse. Mukapukuta ndi sipiriti auma lero, sabata yamawa wayambiranso kutuluka thukuta. Musawononge mankhwala. Muwang'ambe ndi mpeni m'litali, mupukute chitsulocho, mugule ena pamsika. Ndalama ikavuta, mudule chubu chakale chingwe chachitali, m'lifupi ngati zala ziwiri, muzengeze molimba kuyambira kunsonga, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, mapeto muwalowetse pansi pa mzere womaliza. Akabaza a pa Phalombe akuonetsani mwaulere. Chogwirira cha ambulera ya azakhali muchiyeze chimodzimodzi: cholimba pansi, sipiriti; chofewa mpaka mkati, chubu.

Rimoti ikachira idzakhala yonyezimira ngati dazi la agogo, yopanda kufewa kuja, koma sidzamatanso, chifukwa chomata chidzakhala chitapita. Jumbo ija muitaye, ndipo musamaisiye pawindo padzuwa.

Za rimoti yatsopano mwatchula kumapeto kwa uthenga zija, ndamva ngati netiweki inadukaduka. Katundu kuti adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, wa thiransipoti amalipiritsa kuposa mtengo wa rimotiyo. Ndatumiza ndalama ya sipiriti ndi magiripi pa foni ya azakhali, osati yanu, pa zifukwa zimene tonse tikuzidziwa. Yotsalayo ndi chipukutamisozi cha mdzukulu wanu: botolo la zozizira ndi mabanzi awiri. Wagwira ukaidi wa milungu iwiri pa mlandu wa chiperoni, ndiye tsiku loyamba rimoti ikachira, aigwire ndi iyeyo. Asambe kaye m'manja, poti za uchi zija mwina sizinali bodza lonse.

Moni kwa a mfumu, muwauze kuti dzanja lamanja likubwera.

Ndine mphwanu,
Wa ku Joni