Tsiku limene anandisiya ndi apongozi

Mayi a kunyumba atanyamula dengu n'kunena kuti akupita kumsika, ndinawayang'ana ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Apongozi aamuna anali atangofika kuchokera ku Dedza, ndipo pakhonde tinatsala awiriwiri.

Ine ndimadziwika kuti pakamwa sindisowa chonena, choncho ndinayamba molimba mtima.

“Mwayenda bwanji, bambo?”

“Bwino.”

“Kumudzi kuli bwanji?”

“Kuli bwino.”

“Mvula ikugwa?”

“Eya.”

Apa n'kuti tiyi asanazizire n'komwe. Ndinafunsa za minibasi, za mtengo wa feteleza, ngakhale za Bullets ndi Wanderers, koma yankho lililonse linkatha ndisanameze malovu. Vuto linali langa: mafunso anga onse anali oyankhika ndi “eya” kapena “ayi”, ndipo ndinkawaponya motsatizana ngati wapolisi wa pamsewu. Iwo akangoti “eya” n'kupuma, ine mantha a batalo ankandigwira, n'kuponya lina.

Mafunso atatha, pakamwa panayenda pokha.

“Nanga agogo ali bwanji?”

Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali. “Si inu munanyamula nawo bokosi?”

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinanamizira kuti ndikukathirira tomato kuseri kwa nyumba. Ndili mkati mowaza madzi pamasamba, ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga.

“Madzi thirani pansi, patsinde,” anatero.

Manyazi a agogo aja anali atanditseka pakamwa, ndiye sindinayankhe. Panadutsa kanthawi kamene pakhonde paja ndikanaponyamo mafunso atatu. Kenaka, mwaokha, anapitiriza: masamba akamakhala onyowa, chiwawu sichichedwa kugwira. Ananjuta, n'kundionetsa mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba, akuzithyola ndi chala. Anati zimenezi zimangodya chakudya cha zipatso. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mkuluyu amalankhula ngati mpopi wa pa mjigo: madzi amabwera, koma uyenera kudikira akwere. Maso awonso sanali pa ine, anali pa tomato, ndipo mawu ankatuluka mosavuta.

Ndinayesa funso la mtundu wina: “Kwanu kuja kozizira, chiwawu chikagwira kachewere mumatani?” Anafotokoza mpaka tinafika kumapeto kwa mzere.

Chimwemwe ndicho chinandipweteketsa. Ndinawadula pakamwa ndi nkhani ya mnzanga wa kuntchito amene analima tomato n'kuluza, ndipo ndinaifotokoza yonse, ndi mayina a ana ake omwe. Nditamaliza ndinafunsa, “Si zoona, bambo?”

“Eya.”

Mjigo unali utauma.

Madzulo ndinamva mayi a kunyumba akuwafunsa kukhitchini ngati tinacheza bwino. Panadutsa kabata kaja, ndipo mwana wawo, powadziwa bambo ake, anangodikira.

“Amuna akowa,” anatero apongozi, “mpweya amapumira kuti?”