Mapanga Asanu pa Foni Imodzi

Akale ankati mapanga awiri avumbwitsa. Iwo ankawerenga awiri okha chifukwa WhatsApp inali isanafike kwa Mfumu Zingalume. Lero mlembi wa kopaletivu amavumbwa ndi asanu ali khale m'nyumba ya malata.

Nyengo yolembetsa feteleza wa FISP ikafika, a tcheyamani amakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, n'kutumiza mafailo asanu nthawi imodzi. Pansi pake alembapo kuti: "Amlembi, konzani ija, mawa ipite ku Chadiza." Kenako atsika pachulu, foni zii.

Ija iti?

Mlembi wosapsa amayamba kukonza yomwe ili pamwamba. Wozolowera amayamba wafunsa kuti mwa zisanuzi n'chiyani chingakonzeke. Chithunzi cha chitupa cha NRC sichikonzedwa ndi mlembi, pokhapokha ngati akufuna kukagona kupolisi. Risiti ya K400 yomwe mlimi amasonkha nayonso saikhudza. Kalata ya PDF ndi ya alangizi, ndipo yachokera ku Chadiza komweko, ndiye ibwererenji? Mapanga atatu atsekeka.

Awiri otsalawo ndiwo amiyambi aja: `mndandanda.xlsx` ndi `mndandanda (1).xlsx`. Apa m'pomwe ambiri amanyowa mpaka kabudula. Amaona kanambala kam'mbaliko n'kuganiza kuti imeneyo ndiye yatsopano. Ayi ndithu. Foni kapena kompyuta imaika kanambalako ikapeza kuti dzinalo lilipo kale. Kamangosonyeza failo yomwe inalowa pambuyo, osati yomwe inalembedwa pambuyo. A tcheyamani akadawunilodanso mndandanda wachaka chatha dzulo, nkhalambayo imabwera itavala nambala ngati mwana wobadwa kumene.

Palibe kuchitira mwina, zonse ziwiri zitsegulidwe. Mlembi awerenge mizere, kenako afufuze anthu omwe akuwadziwa. Ngati mayi amene analowa kopaletivu pokolola pano ali mu umodzi wokha, umenewo ndiwo wa chaka chino. Ngati winawo ukadali ndi agogo omwe tinaika m'manda mvula yatha, ausiye ugone nawo. Atengenso chitupa chija, poti a tcheyamani sanachitumize kuti tione nkhope. Nambala yake aiyerekeze ndi ya pamndandanda. Kawirikawiri cholakwa chimakhala pomwepo: pachitupa pali 52, wolemba anaika 25.

Ngakhale wapeza, afunsebe, koma kufunsa kuli ndi luso lake. Ukalemba kuti "Iti?" yankho limabwera madzulo: "Ija ndinakuuzani." Bandulo yapita, tsiku lapita. Funso labwino n'loti munthu woimirira pachulu, dzanja lina litagwira njinga, ayankhe ndi chala chimodzi: "Atcheya, ndikukonza nambala ya NRC pamzere 14 wa mndandanda wa chaka chino. Eya kapena ayi?"

Nthawi zina amayankha kuti eya. Nthawi zina amati, "Ayi amlembi, ijatu sinapite, dikirani," n'kutumiza ena anayi.