Kholo likabwera ndi pepala la mayeso m'manja: malangizo kwa mphunzitsi wosafuna mtendere

Inu amene mwangotuluka kumene ku koleji ya uphunzitsi, ndipo boma lakutumizani ku sukulu za kuno kwathu, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, kapena mkati umu cha ku Nsaru ndi ku Kabudula, dziwani kuti tsiku lina m'mawa mudzamva njinga ikugwetsedwa pansi panja pa ofesi. Njinga yotsamiritsidwa bwinobwino pamtengo ndi ya kholo lobwera ku msonkhano wa komiti. Yogwetsedwa ndi ya kholo limene laona 17 wofiira papepala la mwana wake. Nthawi zina sakhala bambo ake a mwanayo, amakhala atsibweni ake, eni mbumba, ndipo amenewo ndiye amabwera atavala jekete.

Pa zaka zimene ndagwira choko ndaona aphunzitsi ambiri akuuwononga mwayi umenewu. Sukulu ya kumudzi ilibe zosangalatsa zambiri, ndiye mkangano wabwino ungathe kutisunga teremu yathunthu, kufika kwa ahedi, kwa amfumu, mwinanso kwa a PEA ku TDC. Koma umafuna kuusamala ngati moto wa m'dzinja.

Choyamba, kholo lisakhale pansi. Munthu wokhala pampando mawu ake amatsika okha, ndipo akapatsidwa moni wa "Mwadzuka bwanji, bambo? Kunyumba atidzukira?" amakakamizika kuyankha kuti adzuka bwino, pamenepo theka la mkwiyo lapita pachabe. Kumanani nalo pakhonde, ana ali pamzere, kuti aliyense wa inu akhale ndi anthu oti achite nawo manyazi. Likayamba kulankhula, lidukizeni pa chiganizo chachiwiri. Kholo lolisiya kuti limalize limafika msanga pa chimene chikuliwawa, chimene kawirikawiri chimakhala ndalama ya yunifolomu ndi makope imene linagulitsira soya, komanso mantha oti mwana sadzasankhidwa ku sekondale. Zimenezo mukazimva mungayambe kulimvera chisoni, ntchito n'kuwonongeka.

Yankho lanu likhale lalikulu, losagwirika. Nenani kuti "Mwana wanu ndi waulesi," kapena "Ana a masiku ano." Ubwino wa mawu amenewa ndi woti palibe angawatsimikize, palibenso angawatsutse, choncho kholo nalo limabweza ndi ake ofanana nawo: "Aphunzitsi a masiku ano amangodikira malipiro." Mukafika apa mwalingana mphamvu, mungathe kupitiriza mpaka belu la chakudya. Zikavuta onjezani Chingerezi.

Koma chofunika kuposa zonse, bisani zinthu zitatu: pepala la mwanayo, pepala lanu la mayankho limene munachongera, ndi rejisitala. Zitatu zimenezi zikakumana patebulo limodzi, mkangano sukhala moyo mphindi makumi awiri. Ndinaziona ndi maso anga pasukulu ina imene sindiitchula, kufupi ndi msewu wa ku Mchinji, ndipo ndikufotokozerani kuti mudziwe chopewa.

Munali mu Malichi, fodya ali m'zigafa. Madamu wina wa Sitandade 7, tingomutcha Nabanda, analembetsa mayeso a masamu a malikisi 50. Mnyamata wina, timutche Yamikani, anapeza 17. Bambo ake anabwera monga ndanenera, njinga pansi, pepala lopindidwa kanayi m'manja, mawu ali pamwamba: mwana ameneyu amawerengera ndalama za tomato pamsika osalakwitsa ngakhale K50, ndiye 17 wachokera kuti? Mumadana naye! Ife ena tinasendeza mipando kufupi ndi zenera.

Nabanda anatikhumudwitsa kuyambira pachiyambi. Anawapatsa mpando, anawasiya alankhule mpaka mpweya unawathera, kenako anati, "Ndamva, bambo. Zoti amatha kuwerengera ndalama ndikuzidziwa, nanenso ndamuona. Tiyeni tilione limodzi pepalali." Taonani kupusa kwake: anavomera mbali imene inali yoona m'mawu a munthu wokwiya. Za chidani zija sanaziyankhe n'komwe, anangozisiya zigwe zokha.

Anatambasula pepala n'kuligawa pawiri ndi chala. Gawo loyamba linali ndi mafunso 20 a manambala okhaokha, kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, lililonse malikisi amodzi. Yamikani anakhoza 12. Gawo lachiwiri linali ndi mafunso 6 a nkhani, olembedwa m'ziganizo za Chingerezi, lililonse malikisi 5. Pa malikisi 30 amenewo anatolapo 5 okha. Ndiye Nabanda anati, "Mwana wanu manambala amawatha. Akugwa pamene funso labisala m'mawu." Anawakumbutsa kuti mpaka Sitandade 4 mwanayu ankaphunzira masamu m'Chichewa, Chingerezi chinayamba mu Sitandade 5, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene akumudikira chaka chamawa, masamu ake amabwera m'Chingerezi. Kholo linabwera ndi nambala imodzi yoti likwiye nayo, iye n'kuiphwanya kukhala 12 ndi 5. Kodi munthu angakwiyire bwanji 12 pa 20?

Choipitsitsa chinali kutsogolo. Anatulutsa pepala lake la mayankho n'kuyamba kufananiza funso ndi funso, bamboyo akuona. Funso lachinayi la gawo lachiwiri linkati munthu wagula mtedza pa K4,000 n'kuugulitsa pa K5,000, ndiye apeze phindu lake pa 100 aliyense. Yamikani analemba 5,000 kuchotsa 4,000, yankho 1,000, n'kulekera pomwepo. Yankho lathunthu ndi 25 peresenti: utenge phindu la 1,000 ugawe ndi mtengo wogulira wa 4,000, uchulukitse ndi 100. Nabanda anali atakhwatcha funso lonse. Koma pepala lake lomwe la mayankho linkati wopeza phindu apatsidwe malikisi 2, ndipo 3 otsalawo ndi a peresenti.

Apa mphunzitsi wodziwa kusunga ulemu wake akanaphimba ndi chigongono n'kupita ku funso lachisanu. M'kalasimo munali ana 96, aliyense mafunso 26, kutanthauza mayankho 2,496 ochongedwa usiku ndi tochi ya foni, ndipo chifukwa chimenecho chinali chokwanira kudzitetezera nacho sabata yonse. Iye anangoti, "Apa ndalakwitsa ndine. Pepani. Malikisi awiri awa ndi ake." Anadula 17, analemba 19, anasainira pambali, n'kukonzanso m'buku lake la malikisi. Ine pazenera paja mtima unadumpha, ndinati tsopano bamboyu apeza pogwira. Ayi ndithu, munthu anangovula chipewa n'kuchiika pabondo.

Musaganize kuti anakweza malikisi kuti awasangalatse. Bamboyo, ataona kuti chitseko chatseguka, anayesa kukankha: bwanji funso lachisanu ili, poti mwanayu analembapo ndithu zambiri? Nabanda anawaonetsa kuti zambirizo zinali funso lomwelo, mnyamata anangolikoperanso pamalo a yankho. "Apa palibe chopatsa, bambo. Ndikampatsa, ndamunamiza, ndipo a MANEB sadzamunamiza." Anawauzanso poyera kuti 19 sanakhozebe, chifukwa pamayeso amenewo wokhoza amayenera kufika 25. Inu mukafuna kuti mbiri yanu imveke mpaka ku Nsundwe, chitani zosiyana: kanani malikisi awiri oyenera aja ngati kholo ndi losauka, perekani khumi osayenera ngati lili ndi golosale. Pofika Lolemba mudzakhala ndi njinga zisanu ndi ziwiri zogwetsedwa panja.

Bamboyo anafunsanso za mwana wa oyandikana nawo nyumba, kuti iye wapeza angati. Funso limeneli ndi mphatso, ndipo mukaliyankha motchula dzina, mkangano umachoka pasukulu n'kukakhazikika pamjigo. Nabanda anangowauza za kalasi yonse: wapamwamba anapeza 41, ndipo malikisi a ana onse ataphatikizidwa n'kugawidwa mofanana, aliyense akanapeza 21. Dzina la mwana wina sanatchule. Pamenepo anali atadziululanso yekha, chifukwa kalasi imene pakati pake pali pa 21, pansi pa malikisi okhozera, vuto silingakhale la Yamikani yekha, ndipo iye anavomera kuti mutu wa maperesenti aubwereza kwa onse.

Rejisitala anaitulutsa pomaliza, ndipo apa ndi pamene ndimamuimba mlandu kwambiri, chifukwa anali ndi mkondo m'manja koma sanabaye. Pa masiku 38 a sukulu chiyambire teremu, Yamikani anajomba 13, ndipo 9 mwa amenewo anali m'masabata awiri a kumapeto kwa Febuluwale, omwewo amene kalasi inkaphunzira phindu ndi maperesenti. Aliyense wa kuno akudziwa kumene mwana wa mlimi amakhala nthawi imeneyo: m'munda kuthyola fodya, kapena m'chigafa kusoka. Mphunzitsi waluso akanaimirira n'kunena kuti, "Mwamulepheretsa ndinu!" Zikanakhala zoona ndithu, ndipo choona chonenedwa chotero chimapereka mkangano wa miyezi itatu. Nabanda anangotembenuza buku kuti liyang'ane kwa bamboyo, n'kuloza masikuwo, n'kunena kuti, "Masiku awa ndi amene tinaphunzira funso lija. Kaya kunyumba kunali zotani?" Kenako anakhala chete. Chete ameneyo anatenga nthawi, moti tinamva mbuzi ikulira kuseri kwa zimbudzi. Bamboyo anayang'ana mizere ija, n'kunena motsitsa kuti chaka chino analibe ndalama ya aganyu.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni kwa ife a pazenera. Anagwirizana zinthu zing'onozing'ono zowerengeka. Mnyamata azibwera m'mawa uliwonse, fodya azikamugwira akaweruka. Madamu azimupatsa mafunso a nkhani atatu Lachisanu lililonse, ndipo asanawerengere azilemba kaye m'Chichewa chimene funsolo likufuna. Bamboyo adzabwerenso pakatha milungu itatu kudzaona kope, ndipo tsikulo linalembedwa pachikuto. Sanalonjeze kuti mwana adzakhala nambala wani, kapena kuti adzapita ku sekondale yogonera. Inu muzilonjeza zimenezo. Lonjezo lalikulu limabereka mkangano wina wokhwima bwino pa tsiku lotsekera sukulu.

Pochoka, bambo uja anadzutsa njinga yake, n'kuima kaye, pepala likadali m'manja. Anabwerera pakhomo.

"Madamu, funso la mtedza lija. Mwati wogula pa 4,000 n'kugulitsa pa 5,000 wadya 25 pa 100 aliyense?"

"Eya, bambo."

"Nanga wogula kwa ine pa 4,000 n'kukagulitsa ku Lilongwe pa 7,000?"

Nabanda anawapatsa choko. Belu linalira iwo akadali pabolodi, ndipo atafika pa 75 anatukwana kwambiri, koma ankatukwana vendala.