Wakuba Wake Uti?

Foni yanga imadziwika kuyambira ku Tsangano mpaka ku Furancungo, chifukwa nambala yake ndinailemba ndi makala pamatumba a kachewere. Ndiye mauthenga amabwera osagogoda. Wa sabata yatha unalibe moni, unalibe dzina, unangoti: "Wakuba iwe."

Magazi anathamangira kumutu. Chala chinali chitalemba kale za mphuno ya munthu amene sindinamuonepo, koma mayunitsi anali atatha. Anzanga amati ndine wofatsa. Sadziwa kuti kufatsa kwanga kumayendera ndalama za m'thumba. Pomwe ndimafika pogula ena, mphepo ya kuno inali itandiziziritsa, ndipo ndinayamba kuwerenga nambala ija.

Imayamba ndi +258, ndiye si wa ku Ntcheu amene timakangana naye za makwacha pamsika wa Tsangano Turn-off. Ndi wakwathu konkuno. Apa mpamene pamafunika mutu, poti mwano woyamba umakhala ndi eni ake atatu. Pali msuweni, amene kwa iye "galu iwe" ndi moni wam'mawa, ndipo ukakwiya wadzichotsa ulemu wekha. Pali wosokera nambala. Ndiye pali amene unamulakwiradi, ndipo kwa ine, mogwirizana ndi mmene ndimaikira mbatata zikuluzikulu pakamwa pa thumba, gulu limeneli silichepa.

Ndinalemba kuti: "Mwaswera bwanji achimwene? Wakuba wake uti, poti tilipo angapo? Mundiuze dzina lanu ndi chimene chasowa."

Taonani mmene ndinaupangira. Iye anati "iwe", ine ndinabweza "inu", ndipo munthu amavutika kupitiriza kutukwana wina amene akumupatsa mpando. Sindinakane mlandu, sindinavomere, poti sindinkaudziwa. Ndinapemphanso zinthu zomwe sangayankhe ndi mwano wokha. Uthenga wamawu ndinaupewa dala: umenewo amautumiza kwa apongozi ako dzuwa lisanalowe, ndi kupuma kwako konse.

Yankho linafika madzulo, lalitali ngati msewu wa ku Macanga nthawi ya dzinja. Anali mlimi wa fodya wa ku Furancungo. Anatumiza ndalama pa M-Pesa kwa munthu womulonjeza mbewu ya kachewere, mbewu osafika, ndipo nambala yanga anaiwerenga pathumba lakale poganiza kuti ogulitsa mbatata tonse ndife mimba imodzi. Ndinamuuza ayang'ane dzina pa uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita. Silinali langa. Akanabwereza kutukwana ndikanamutsekera, akanaopseza ndikanapita nawo uthengawo kwa amfumu, koma iye anapepesa, nkufunsa mtengo wa matumba awiri.

Ndinakafotokozera mayi a kunyumba monyadira. Anandiyang'ana nkuti, "Abambo, nanga bwanji atati wakuba munayamba mwabisa sikelo?"